Laputopu ikunyerenyesa m'manja: nkhani ya mwendo wachitatu wa chaja

Ndimakonza mafoni ndi malaputopu kuno ku Joni, ndipo sabata siitha osabwera m'bale wathu wina akudandaula kuti laputopu ikumugwira nyesi ikakhala pa chaja. Ambiri amafika atagamula kale kuti yawonongeka ndi laputopuyo kapena batire. Ndikaiona, nthawi zambiri makinawo amakhala ali bwinobwino. Chomwe chimakhala chitavuta ndi njira ya ethi, waya wotayira pansi magetsi osochera, yomwe yaduka penapake pakati pa chaja ndi bokosi la maswichi la m'nyumba. Ndatopa kufotokozera munthu mmodzimmodzi, n'chifukwa chake ndalemba izi.

## Mwendo wachitatuwo umagwira ntchito yanji

Magetsi a kuno ndi a mavoliti 230, chimodzimodzi a kwathu ku Malawi. Pa pulagi ya kuno ya miyendo itatu yobulungira ija, miyendo iwiri yaing'ono ndiyo imayendetsa magetsi: wa layivi, womwe waya wake ndi wabulawuni, ndi wa nyutilo, wa waya wabuluu. Wachitatu, wautali ndi wonenepa uja, ndi wa ethi, ndipo waya wake ndi wa mizere yobiriwira ndi yachikasu. Anaupanga wautali dala kuti uziyamba kulowa pozika pulagi komanso uzimaliza kutuluka pozula.

Machaja alipo a mitundu iwiri. Ena, monga ambiri a foni, ali ndi miyendo iwiri basi chifukwa mkati mwake anatchinga magetsi kawiri. Mumawadziwa ndi kachizindikiro ka bokosi laling'ono lomwe lili mkati mwa bokosi lina, kolembedwa pa chajapo. Amenewa safuna ethi. Ena, monga ambiri a laputopu, amadalira ethi, ndipo chingwe chake chimalowa m'chaja ndi kamutu ka mabowo atatu kooneka ngati mutu wa mbewa ndi makutu ake awiri. Kamutu ka mabowo awiri kooneka ngati nambala 8 ndi ka machaja osafuna ethi.

Pa chaja yodalira ethi, mwendowo uli ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi ya tsiku ndi tsiku. M'chajamo magetsi amayatsidwa ndi kuzimitsidwa maulendo masauzande ambiri pa sekondi, zomwe zimabweretsa phokoso losokoneza wailesi ndi zipangizo zina. Pofuna kulithetsa, opanga amaikamo timakapasita, tizipangizo tosunga magetsi pang'ono, tolumikiza mbali ya magetsi a kukhoma ndi ethi kapena ndi mbali yopita ku laputopu. Timakapasitati timadontheza magetsi pang'ono nthawi zonse, ndipo ethi ndiye ngalande yake. Ngalande ikatsekeka, madontho aja amakakhala pa chitsulo cha laputopu kudikira amene agwire.

Ntchito yachiwiri ndi ya tsiku loipa. Chotchinga cha mkati chikapsa, layivi n'kukhudza mbali yomwe inu mumagwira, magetsi amathamangira mu waya wa ethi ndipo swichi yoteteza ya ku bokosi, ija timati ethi likeji, imagwa nthawi yomweyo inu musanakhudze n'komwe. Popanda ethi, swichiyo imangokhala chete mpaka magetsi atapeza njira ina yopitira pansi, ndipo njirayo ikhoza kukhala dzanja lanu.

## Chitsulo chikunyerenyesa ngati muli nyerere

Ili ndiye dandaulo lalikulu. Mukayendetsa chala kapena mkono pa chitsulo cha laputopu mumamva ngati chikunjenjemera, makamaka mukaponda pa simenti kapena matailosi opanda nsapato. Mukazula chaja zimatha. Zoyambitsa zake, kuyambira zomwe ndimakumana nazo kwambiri:

- Adaputala yopanda ethi. Chaja yochokera kwathu ili ndi pulagi ya miyendo itatu yaphwatalala, ya mtundu wa ku Britain, yomwe silowa mu soketi ya kuno. Munthu amagula adaputala yotchipa pamsewu. Zina mwa zimenezi zili ndi bowo lachitatu la chionetsero chabe, mkati mulibe chitsulo.
- Pulagi ya ku Ulaya m'bowo lozungulira la ekisitenshoni. Pulagi yonenepa ya miyendo iwiri ija ili ndi ethi yake m'mbali, timizere tiwiri tachitsulo. Mabowo ozungulira a maekisitenshoni ambiri a kuno alibe zogwira timizereto, motero pulagi imalowa, chaja imagwira ntchito, koma ethi palibe.
- Ekisitenshoni kapena chingwe cha mawaya awiri. M'zipinda za kuseri kwa nyumba izi n'zofala kwambiri.
- Waya wa ethi wamasuka m'pulagi, kapena amene anamanga pulagiyo anangoudula poona ngati ndi wotsala.
- Soketi ya kukhoma ilibe ethi, kapena nyumba yonse ilibe.
- Chaja ndi ya miyendo iwiri yeniyeni. Imeneyinso imadontheza pang'ono ndipo ilibe kotayira. Ngati ndi yapamwamba, malire ake ndi mamiliampu 0.25, omwe savulaza munthu.

Fufuzani kuyambira pa chaja kubwerera kukhoma. Choyamba chotsani zonse zapakati, muzike chaja mu soketi ya kukhoma ndi chingwe cha pulagi ya kuno. Chingwe cha mutu wa mbewa chija chimagulitsidwa pachokha m'mashopu a makompyuta, ndipo kusintha chingwe n'kwabwino kuposa adaputala iliyonse. Kunyerenyesa kukatha, mwapeza wolakwa.

Ngati muli ndi mita yoyezera, zulani chingwe mbali zonse ziwiri, muike mita pa kuyeza maomu kapena pomwe imalira mbali ziwiri zikalumikizana, ndipo mukhudze mwendo wa ethi ndi bowo lapakati la kamutu. Ikuyenera kusonyeza zosakwana omu imodzi. Chitaninso chimodzimodzi ndi adaputala ndi ekisitenshoni, zili zozula. Musadabwe mukayeza kuchokera pa mwendo wa ethi kukafika ku kamutu kolowa mu laputopu n'kupeza kuti mita siikulira. Opanga ena amalumikiza ziwirizi mwachindunji, ena amadutsira pa kachipangizo kochepetsa magetsi, ndipo zonse ziwiri n'zololedwa.

Soketi ya kukhoma musaitsegule. Pali kachipangizo koyezera soketi kokhala ndi timagetsi titatu, komwe mumangozika n'kuwerenga pa tchati chake. Kakaonetsa kuti ethi palibe, ntchito yanu yathera pomwepo, yotsala ndi ya mmisiri wa zamagetsi.

### Zomwe zinachitikira mlamu wanga

Mlamu wanga amachita lendi kachipinda ka kuseri ku Turffontein, kuno ku Joni. Anabwera ndi laputopu ya chitsulo yomwe anachoka nayo ku Lilongwe, chaja yake ya mutu wa mbewa, pulagi ya kwathu ndi adaputala yoyera yomwe anagula pafupi ndi pokwerera matakisi.

"Alamu, makinawa akundiluma. Mwina batire yatha?"

Ndinaizika mu shopu ndi adaputala yake yomweyo. Ndinaika mita pa mavoliti a magetsi a kukhoma, waya wina pa chitsulo cha bowo la USB, wina pa chitsulo cha kompyuta yanga ya pa tebulo yomwe ndikudziwa kuti ili ndi ethi yabwino. Mita inawerenga 113. Alamu anabwerera m'mbuyo ngati aona njoka.

Nambalayi imaopsa, koma ili ndi tanthauzo lake. Ndi pafupifupi theka la 230, chifukwa timakapasita tiwiri tija, kena kochokera ku layivi ndi kena ku nyutilo, timakumana pa ethi. Ethiyo ikakhala yolekeza m'malere, pokumanapo pamakhala pakatikati. Mita siikoka magetsi enieni, n'chifukwa chake imaonetsa nambala yonseyo. Munthu akagwira, mavolitiwo amagwa n'kutsala ochepa, popeza timakapasitato sitingadutsitse magetsi ambiri. Chotsala ndi kanyerenyesi kaja.

Nditatsegula adaputala, ndinapeza mwendo wake waukulu wachitsulo wongomatidwa m'pulasitiki, wosalumikizana ndi chilichonse. Ndinawapatsa chingwe cha pulagi ya kuno, mita n'kutsika kufika pansi pa voliti imodzi. Ananyamuka akumwetulira.

Patapita masiku awiri anaimba foni. "Alamu, zayambiranso, koma kunyumba kokha. Kuntchito sizikuchita." Loweruka ndinapita. Magetsi a m'chipindamo amachokera ku nyumba yaikulu pa kawaya koyera ka mizere iwiri, kaja koyenera nyale ya pa tebulo, kodutsa pawindo la khitchini n'kuyenda pamwamba pa mpanda. Kumapeto kwake anamangirako ekisitenshoni ya mabowo asanu. Pomwepo panali ketulo ndi kasitovu ka mbale ziwiri. Kunena zoona, laputopu inali nkhani yaing'ono m'chipinda chimenecho. Ketulo ndi sitovu ndi zachitsulo, zimagwidwa ndi manja onyowa, ndipo nazonso zinalibe ethi. Laputopu inangokhala ngati mwana amene waulula za m'nyumba.

Ndinawauza kuti podikira kuti mwini nyumba aitane mmisiri, azitchaja laputopu ili yotseka, akafuna kugwiritsa ntchito azizula, ndipo ketulo asamaigwire ili pa magetsi.

## Kamuvi kakudumphadumpha, foni ikudzilembera yokha

Mukazika chaja, pogwira pa laputopu pamasiya kumvera chala, kapena galasi la foni limayamba kutsegula zinthu lokha. Malo ogwirawa amazindikira chala poyeza kusintha kochepetsetsa kwa magetsi, ndiye phokoso la chaja likasowa kotayikira limawasokoneza.

- Pa laputopu, choyamba ndi ethi yoduka ija. Chitani zomwe ndafotokoza pamwamba.
- Pa foni, kawirikawiri ndi chaja yachinyengo. Imapepuka m'manja, imatentha msanga, ina imalira kuti tswii. Yesani chaja ina yodalirika. Vuto likatha, yakaleyo itayeni, musaipatse mwana. M'machaja otere mpata wolekanitsa magetsi a kukhoma ndi mbali ya foni umakhala wochepa kwambiri.
- Magetsi ochokera ku invetala yotchipa kapena jenereta nthawi yomwe magetsi azima. Ngati zimachitika nthawi yokhayo, vuto lili ku gwero la magetsiwo.

Kugwira chitsulo cha laputopu ndi dzanja lina kamuvi n'kukhazikika ndi umboni woti nkhani ndi ya ethi. Koma imeneyo ndi njira yoyezera, si mankhwala.

## Masipika akung'ung'udza, kapena pakuthetheka polumikiza TV

Anzathu oimbitsa nyimbo m'maukwati ndi oyang'anira zokuzira mawu m'matchalitchi, apa ndi panu. Mukalumikiza laputopu ku chokuzira mawu pamamveka kung'ung'udza kosalekeza, komwe kumatha mukazula chaja. Zoyambitsa zilipo ziwiri zotsutsana. Mwina laputopu ilibe ethi, ndipo madontho aja akudutsa mu waya wa mawu pofunafuna ethi ya chokuzira mawu. Mwinanso zonse ziwiri zili ndi ethi koma zazikidwa m'masoketi otalikirana, ndipo kusiyana pang'ono kwa maethi awiriwo kukuyendetsa magetsi mu waya wa mawu.

Kwachiwiriku ndi komwe anthu amathyolera mwendo wa ethi. Amauthyola, phokoso n'kutha, iwo n'kumadzitama kuti akonza. Chomwe achita ndi kuika maikolofoni yachitsulo pakamwa pa munthu popanda chitetezo. Njira yoyenera ndi kuzika laputopu ndi zokuzira mawu zonse pa ekisitenshoni imodzi ya ethi yabwino. Zikakanika, gulani kabokosi kolekanitsa ethi pa waya wa mawu, kokhala ndi kathiransifoma mkati. Kamadula njira ya phokoso pa waya wa mawu, ethi ya magetsi n'kutsala momwe inalili.

Kuthetheka pozika HDMI nakonso n'kwa mavoliti oyandama aja akukumana ndi chipangizo china. Munthu sikumupha, koma mabowo a HDMI ndi USB ndawaona atafa nako. Lumikizani mawaya zipangizo zili zozula, kenako muzike magetsi.

## Ethi likeji ikugwa mukangozika chaja

Apa m'pomwe pali msampha woopsa kuposa yonse. Munthu amazika chaja, nyumba yonse mdima. Wina n'kumulangiza kuti achotse waya wa ethi m'pulagi. Amachotsadi, swichi n'kusiya kugwa.

Swichi imeneyi imayerekeza magetsi otuluka pa layivi ndi obwerera pa nyutilo. Akasiyana ndi mamiliampu 30 iyenera kugwa, ndipo ikhoza kugwa kale kusiyanako kukangodutsa 15. Ikagwa ndiye kuti magetsi akuthawira kwina. Kuchotsa ethi sikutseka pothawirapo, kumangobisa.

- Chaja kapena chingwe chawonongeka: kwalowa madzi, chinatafunidwa ndi khoswe, kapena chapsa mkati. Nunkhizani, yang'anani ngati chatupa. Yesani chaja ina pa soketi yomweyo. Ngati yokhayo ndiyo ikugwetsa, yatha ntchito.
- Ekisitenshoni yoteteza ku mphezi yatopa. Mvula ya mabingu ya kuno nthawi yotentha, komanso kubwera kwa magetsi mwamphamvu akazima, zimafoola tizipangizo ta mkati mwake mpaka timayamba kudontheza. Zikani chaja kukhoma mwachindunji muone. Dziwaninso kuti ekisitenshoni yotere imadalira ethi kuti iteteze mokwanira.
- Madontho aunjikana. Firiji, giza, makompyuta, chilichonse chikudontheza pang'ono, ndipo chaja yanu yangodzazitsa chikho. Zulani zina muyesenso. Ngati chaja ikugwira bwino zinazo zitazulidwa, muitane mmisiri ayeze chomwe chikudontheza kwambiri.
- Mawaya anasinthanitsidwa m'pulagi, wabuluu pa malo a ethi. Zimachitika ndi mapulagi omangidwa pamanja.

Pa swichiyo pali batani lolembedwa `T` kapena `TEST`. Lidinizeni kamodzi pa miyezi ingapo. Magetsi akapanda kuzima, swichiyo yafa ndipo nyumbayo ilibe mlonda.

## Mwendo wa ethi ndi wapulasitiki, kapena wathyoka

Machaja ena a foni ochokera kwathu ali ndi mwendo wachitatu wapulasitiki. Si chinyengo ayi. Masoketi a mtundu umenewo ali ndi titseko totchinga mabowo kuti ana asalowetsemo zinthu, ndipo mwendo wachitatu ndiwo umatsegula. Chaja yotere ikakhala ndi chizindikiro cha mabokosi awiri chija, ilibe vuto. Masoketi ambiri a kuno nawonso ali ndi titseko, n'chifukwa chake mumaona anthu akutokosa bowo lapamwamba ndi kiyi kapena chivindikiro cha cholembera kuti akakamize pulagi ya miyendo iwiri. Miyendo yopyapyalayo siigwira bwino m'mabowo aakulu, imathetheka n'kusungunula soketi. Gulani adaputala yoyenera. M'nyumba zatsopano mupezanso soketi yaing'ono ya makona asanu ndi imodzi, ya muyezo wa SANS 164-2, momwe pulagi yopyapyala ya miyendo iwiri imalowa popanda adaputala.

Mwendo wachitsulo ukathyoka, sinthani chingwe chonse. Osamata.

## Njira zachidule zomwe musayerekeze

Kulumikiza ethi ku nyutilo mu soketi kapena m'pulagi. Kunyerenyesa kumathadi, ndipo ngakhale kachipangizo ka timagetsi titatu kaja kamanyengeka, kamaonetsa kuti zonse zili bwino. Koma tsiku lomwe nyutilo idzaduke, kapena wina n'kutembenuza mawaya poyambira, chitsulo chilichonse chozikidwa pamenepo chidzakhala ndi mavoliti 230 enieni, osati a madontho aja.

Kumangirira ethi ku paipi ya madzi. Mapaipi ambiri masiku ano ali ndi zigawo zapulasitiki, ndiye safika pansi. Chinthu chikawonongeka, magetsi amakathera pa mpopi womwe ana a mnansi wanu akutungapo madzi.

Kukhoma msomali kapena kachitsulo panja. Dothi la kuno nthawi yozizira limauma gwa, ndipo msomali ukhoza kulephera kudutsitsa magetsi okwanira kugwetsa swichi. Ethi yeniyeni imayezedwa ndi chipangizo, siyongoganizira.

## Pomwe muyenera kusiya n'kuitana mmisiri

Zulani, kapena zimitsani swichi yaikulu, ndipo musayesenso nokha ngati:

- Nyesi ndi yopweteka, yokankha dzanja, osati yonyerenyesa chabe.
- Mukuimvanso pa mpopi, pa sinki, pa sitovu kapena pa firiji. Limeneli ndi vuto la nyumba, osati la chaja.
- Mababu ena akuwala mopitirira pomwe ena akuzilala. Chimenechi n'chizindikiro cha nyutilo yoduka panja, zomwe zimachitikanso akuba akadula zingwe zamkuwa, ndipo mavoliti akhoza kukwera kuyandikira 400. Zimitsani swichi yaikulu, mudziwitse omwe amakupatsani magetsi, kaya ndi City Power kapena Eskom malinga ndi dera lanu.
- Soketi yadetsedwa ndi utsi, ikutentha kapena ikununkha pulasitiki wopsa.
- Batani loyezera lija silikugwetsa swichi, kapena m'bokosimo mulibiretu ethi likeji.
- Mwalumikiza invetala kapena jenereta ku mawaya a nyumba. Kumangirira ethi ndi nyutilo pa zimenezi kuli ndi malamulo ake.

Chaja musaitsegule ngakhale ili yozula, chifukwa kapasita yaikulu ya mkatimo imasunga mavoliti opitirira 300 kwa kanthawi. Munthu akagwidwa ndi magetsi n'kumamva kupweteka pachifuwa, mtima kugunda mosalongosoka, chizungulire kapena wapsa, apite kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino.

Mawaya a m'nyumba kuno amatsata muyezo wa SANS 10142-1, ndipo woyenera kuwagwira ndi mmisiri wolembetsedwa ku boma amene angapereke satifiketi yotsimikizira kuti ntchitoyo ili bwino. Kwa ife a lendi, udindo umenewu ndi wa mwini nyumba. Ndikudziwa kuti kukamuuza munthu amene akukusunga kuseri kwake kuti mawaya ake ndi olakwika kumafuna ulemu ndi kusankha nthawi. Alamu aja anatenga kachipangizo kanga ka timagetsi titatu, anakazika m'khitchini ya nyumba yaikulu mayi a nyumbayo akuona, kenako m'chipinda chawo. Kusiyana kwa timagetsito kunalankhula kokha. Mwezi wotsatira kunabwera mmisiri, anayala chingwe cha mawaya atatu m'paipi n'kuika soketi ziwiri kukhoma, ndipo mtengo wake anagawana pochotsera pa lendi ya miyezi iwiri.